Lembani kaye pepala lakale musanatsegule mayankho

Kuno ku Zomba likulu la MANEB tili nalo pakhomo, koma mapepala akale a mayeso amene ana athu amakonzekerera nawo MSCE, ambiri amafika pafoni. Wina amajambula pepala la mkulu wake ku Chinamwali, n'kutumizira mnzake wa ku Matawale pa WhatsApp, ndipo pofika madzulo gulu lonse la Fomu 4 lili nalo. Kawirikawiri pamabweranso zithunzi zina za mayankho, olembedwa pamanja mzere ndi mzere ndi mphunzitsi kapena wophunzira wina wakhama. Ine ndimaphunzitsa masamu, ndipo chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ambiri amatsegula mayankhowo limodzi ndi mafunso. Amawerenga funso, n'kuyang'ana njira yake, n'kugwedeza mutu kuti zamveka. Zimamvekadi, chifukwa kutsatira njira yolambula kale sikuvuta. Koma m'chipinda cha mayeso mumapatsidwa pepala loyera, ndipo mzere woyamba uyenera kuchokera m'mutu mwanu.

Ndikufotokoza pano mmene ndimawauzira ana anga kuti azichitira ndi pepala la masamu lojambulidwa. Gawo lalikulu la ntchitoyi lili pa kuyerekeza zimene mwalemba ndi mayankho, ndiye pamenepo ndikhalitsapo.

Choyamba, lekanitsani mafunso ndi mayankho

Ngati zithunzi za mafunso ndi za mayankho zili motsatizana mufoni, chala chimatsetsereka chokha. Musadzidalire pamenepa. Tumizani zithunzi za mayankho kwa mchemwali wanu kapena kwa mnzanu, inu muzifufute mufoni yanu, ndipo muwauze kuti akubwezereni mukamaliza kulemba. Ngati foni ndi ya mayi kapena bambo ndipo mumangobwereka madzulo, n'kwabwinonso kwambiri: koperani mafunso m'kope, mubweze foni. Amene ali ndi kandalama angathe kupita pamalo osindikizira m'tauni kapena ku Chikanda n'kukasindikiza mafunso okha. Pepala logwirika limathandizanso magetsi akazima foni ilibe moto.

Chachiwiri, fufuzani chithunzi musanayambe

Gawo ili ambiri amalidumpha, ndipo limawaonongera madzulo onse. Chithunzi chimene chatumizidwa kwa anthu ambiri chimafika chitazimirira, makamaka ngati wina anachijambulanso kuchokera pagalasi la foni ina. Pa phunziro la Chichewa kapena la mbiri, chilembo chimodzi chikazimirira mumatha kuganizira mawuwo. Pa masamu ayi. Kamzere ka mainasi kakasowa, funso lasanduka lina.

Yambani ndi tsamba loyamba. Pamenepo pamalembedwa chaka, pepala lake ngati ndi loyamba kapena lachiwiri, nthawi yololedwa ndi malangizo a mafunso oti muyankhe. Kenaka werengani manambala a masamba ndi a mafunso kuti muone ngati palibe tsamba lotsala. Onetsetsaninso kuti mayankho amene mwasunga ndi a chaka chomwecho ndi pepala lomwelo, chifukwa zithunzi zimasakanikirana m'magulu.

Mukatero kulitsani chithunzi, muyang'ane zinthu zing'onozing'ono. Timanambala ta pamwamba, monga 2 wa mu x², timafanana ndi 3 chithunzi chikazimirira. Yang'anani zizindikiro za pulasi ndi mainasi, kadontho ka desimo, ndi m'mphepete mwa kumanja momwe mumakhala malikisi a funso lililonse, poti wojambula amakonda kudula mbali imeneyo. Chimene simukuchiona bwino, funsani chithunzi china musanayambe. Musangolota.

Zojambula za ma ango ndi mizere zili ndi vuto lakelake. Foni ikagwidwa mopendekeka, bwalo limaoneka ngati dzira ndipo ango ya madigiri 90 imaoneka yotseguka kapena yofinyika. Musayeze kanthu ndi rula kapena pulotirakita pagalasi la foni. Dalirani manambala ndi zizindikiro zolembedwa pachojambulacho. Mafunso ofuna girafu mukopere manambala ake, mujambule papepala la girafu lenileni ndi pensulo yosongoka.

Pali chenjezo limodzi limene sindingalisiye. Pepala lakale ndi limene linalembedwa kale ndipo chaka chake chili patsamba loyamba. Chithunzi chimene wina akunena kuti ndi cha mayeso amene akubwera si pepala lakale, ndi likasa. Tonse tikukumbukira kuti mayeso a MSCE a 2020 anaimitsidwa ali mkati chifukwa cha kubedwa kwa mapepala, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Chithunzi chotero chifufuteni.

Komanso pepala likakhala la zaka zambiri zapitazo, lionetseni kwa aphunzitsi anu. Silabasi imakonzedwa ku MIE ku Domasi ndipo imasinthidwa pakapita nthawi, choncho mutha kupeza funso la mutu umene simukuyenera kuuphunzira tsopano. Aphunzitsi akuuzani loti mulidumphe.

Chachitatu, lembani ngati muli m'mayeso

Khalani patebulo, mutseke mabuku ndi manotsi onse. Patebulo patsale kope, cholembera, pensulo, rula, zida za masamu ndi kakyuleta imene mudzalowe nayo m'mayeso. Musagwiritse ntchito kakyuleta ya pafoni, chifukwa zala zanu ziyenera kuzolowera mabatani a kakyuleta yeniyeniyo. Ngati mafunso mukuwerengera pafoni, zimitsani intaneti kuti mauthenga asakusokonezeni.

Nthawi muitenge patsamba loyamba. Tiyerekeze kuti palembedwa maola awiri ndi malikisi 100. Ndiye kuti muli ndi mphindi 120, ndipo malikisi asanu alionse akuyenera kukutengerani pafupifupi mphindi zisanu ndi imodzi. Ndikudziwa kuti kunyumba zambiri n'kovuta kupeza maola awiri opanda wokutumani kumsika kapena kumjigo. Ngati ndi choncho, gawani pepalalo. Tengani mafunso okwana malikisi 25, mudzipatse mphindi 30. Chachikulu n'chakuti nthawi ikhale yoyezedwa ndipo ikatha muime.

Polemba, gwiritsani ntchito mbali ya kumanzere kwa tsamba lokha, kapena tsamba la kumanzere kwa kope, kumanja musiye kopanda kanthu. Kumeneko ndi kumene mudzakonzere. Lembani sitepe imodzi pamzere umodzi. Musafufute kanthu. Ngati mwaona kuti mwalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi woti zolembazo zizionekabe, chifukwa cholakwa chofufutidwa simungadzachifufuze.

Nanga funso likakukanikani? Apa ndi pamene ambiri amathamangira ku mayankho. Musatero. Lembani chimene mukudziwa: zimene funso lapereka, chimene likufuna, fomula imene mukuganiza kuti ikukhudzana nazo, ngakhale chojambula. Nthawi ya funsolo ikatha, lembani pambali mawu ochepa onena pamene mwaima, monga "sindikudziwa choyambira" kapena "ndafika apa, sindikudziwa kuchotsa y". Mawu amenewa adzakuthandizani kwambiri poyerekeza, popeza mudzatsegula mayankho muli ndi funso lanulanu lofuna yankho. Ikaninso kachizindikiro pa funso lililonse limene mwayankha mongoganizira. Ngakhale litapezeka kuti mwakhoza, funso lotero silinakhazikike m'mutu.

Nthawi ikatha jambulani mzere pansi pa zimene mwalemba. Ngati pali mafunso otsala, sinthani cholembera, mutenge cha mtundu wina, mupitirize popanda kuyang'ana wotchi. Mukamadzachonga mudzaona malikisi amene munataya chifukwa chochedwa ndi amene munataya chifukwa chosadziwa. Mankhwala a mavuto awiriwa ndi osiyana.

Chachinayi, yerekezani mzere ndi mzere

Tsopano itanitsani mayankho aja. Chibadwa cha munthu n'kuthamangira pansi pa tsamba kukaona nambala yomaliza, n'kuchonga kapena kuthetha. Kuchita zimenezi n'kutaya phindu lonse la mayankho olembedwa mwatsatanetsatane. Inu phimbani chithunzicho ndi kapepala, muzitsitsa pang'onopang'ono kuti muziona mzere umodzi pa nthawi. Chimene mukufunafuna ndi mzere woyamba pamene njira yanu yapatukana ndi ya wolembayo. Mukaupeza imani pomwepo, osawerenga za m'munsi.

Ndipereke chitsanzo cha funso limene ndinapeka ndekha motsanzira mafunso amene amabwera kawirikawiri. Funso likuti mupeze x, mayankho akhale a masiginifikanti figa atatu:

```
3x² − 4x − 2 = 0
```

Mtsikana wina wa m'kalasi langa analemba chonchi:

```
a = 3, b = −4, c = −2
x = [4 ± √(−16 + 24)] / 6
x = (4 ± √8) / 6
x = 1.14 kapena x = 0.195
```

Mayankho olondola amayenda motere:

```
a = 3, b = −4, c = −2
x = [4 ± √(16 + 24)] / 6
x = (4 ± √40) / 6
x = 1.72 kapena x = −0.387
```

Akanangoona mzere womaliza, akanati funso lonse walephera, ndipo mwina akanabwerera kukawerenganso mutu wonse wa makwadiratiki, ntchito ya madzulo awiri kapena atatu. Koma tayang'anani bwino. Mzere woyamba ndi wofanana. Wasankha fomula yoyenera, ndipo 4 wa kutsogolo, 24 wa mkati ndi 6 wa pansi onse ali bwino. Kusiyana kuli pa nambala imodzi yokha pamzere wachiwiri, pamene iye ali ndi −16 m'malo mwa 16.

Nditamufunsa kuti, "Iwe, −16 ameneyu wachokera kuti?" anayankha kuti, "Aphunzitsi, ndi kakyuleta yandipatsa." Sanali kunama. Pa kakyuleta ya sayansi, mukalemba nambala ya mainasi popanda mabulaketi, makinawo amayamba achulukitsa 4 ndi 4, mainasi n'kuikapo pambuyo:

```
−4²   = −16
(−4)² = 16
```

Choncho vuto lake silinali makwadiratiki. Vuto linali kusaika mabulaketi pa nambala ya mainasi, ndipo likanamutsatira pa mafunso ena ambiri ofuna kulowetsa manambala mu fomula. Cholakwa chotere chimakonzedwa pa mphindi ziwiri, bola mwachipeza.

Mukapeza mzere wopatukirawo, chitani izi motsatana. Uzungulizeni m'kope lanu ndi cholembera chofiira. Kumanja kuja munasiya, lembani chifukwa chake m'mawu anuanu, osati kungokopera mzere wolondola. Mtsikana uja analemba kuti, "nambala ya mainasi ndiziika m'mabulaketi ndisanaichulukitse yokha". Kenaka tembenuzani foni, mumalize funsolo nokha kuchokera pamzere umenewo. Mukamaliza m'pamene mutsegulenso n'kupitiriza kuyerekeza.

Chifukwa chake chomalizira nokha n'chakuti pansi pa cholakwa choyamba pamabisala china. Mtsikana uja atakonza 16, anapeza √40 bwinobwino, koma analemba kuti ndi 6.3. Kuchokera apo anapeza 1.72, amene ndi wolondola, ndi −0.383, amene ndi wolakwika. Sikweya ruti ya 40 ndi 6.3246 ndi manambala ena otsatira. Mukaidula msanga kukhala 6.3, nambala yachitatu ya yankho imasokonekera. Funso likafuna masiginifikanti figa atatu, mkati mwa ntchito sungani anayi kapena asanu, mudule pamapeto pokha. Akanakopera mayankho kuchokera pa 16 mpaka pansi, chizolowezi chodula msangachi sichikanaonekera, ndipo akanapita nacho m'mayeso.

Palinso phunziro lina m'funso lomweli, lokhudza kudzichonga muli m'mayeso momwe mulibe mayankho. Tengani 1.14 uja mum'bwezere m'funso. 3 kuchulukitsa ndi sikweya ya 1.14 ndi pafupifupi 3.90, kuchotsa 4.56, kuchotsanso 2, zikupereka pafupifupi −2.66. Zili kutali ndi ziro, ndiye yankho ndi lolakwika. Njira ina yachangu ndi iyi: mayankho awiri a kwadiratiki mukawachulukitsa amapereka c kugawa ndi a, amene pano ndi −2/3. Popeza nambalayi ndi ya mainasi, yankho limodzi liyenera kukhala la pulasi, lina la mainasi. Mayankho ake onse awiri anali a pulasi, ndipo zimenezo zokha zikanamuchenjeza. Samalani ndi kuphatikiza mayankho monga njira yokhayo yodzichongera: 1.14 ndi 0.195 akaphatikizidwa amapereka pafupifupi 1.33, chimodzimodzi ndi mayankho olondola, chifukwa cholakwa chili mkati mwa sikweya ruti ndipo pophatikiza chimafafanizika.

Funso lomweli likusonyezanso chimene chithunzi chozimirira chimachita. Mutawerenga −2 wa kumapeto ngati +2, mkati mwa sikweya ruti mukhala 16 kuchotsa 24, amene ndi −8, ndipo kakyuleta ikana. Funso lofuna mayankho a masiginifikanti figa atatu silingathere pamenepo. Zikatero, musanadzikayikire, bwererani ku chithunzi mukachikulitse.

Njira yanu ikasiyana koma yankho n'kufanana

Si kusiyana kulikonse kumene kuli kulakwa. Kwadiratiki ija wina angaithetse pomaliza sikweya m'malo mwa fomula, ndipo afika pa 1.72 ndi −0.387 yemweyo. Pa maikwezhoni awiri othetsera pamodzi, wina amachotsa x poyamba, wina y. Ngati funso silinatchule njira yoti mugwiritse ntchito, ndipo mzere uliwonse ukuchokera mwachilungamo pa unzake, njira yanu ndi yabwino. Musaitaye chifukwa choti wolemba mayankho anadzera kwina. Ingowerengani mizere. Ngati yanu yatenga mizere khumi ndi iwiri pamene yake yatenga isanu, phunzirani yakeyo chifukwa cha nthawi. Koma funso likatchula njira, mwachitsanzo kuti mugwiritse ntchito girafu, ndiye njirayo ndi gawo la funso, ndipo yankho lolondola lopezeka mwa njira ina silikwanira.

Onaninso mizere imene wolembayo waika koma inu munaidumpha chifukwa munaichitira m'mutu. Pa masamu malikisi amaperekedwa pa njira komanso pa yankho. Wochonga sangapereke malikisi pa sitepe imene sakuiona. Mtsikana uja, ngakhale anaphonya mayankho onse awiri, anaonetsa fomula ndi manambala amene analowetsa, choncho wochonga anali ndi poyambira kumuganizira. Mnzake amene analemba mayankho olakwika okhaokha, opanda njira, analibe chilichonse choti n'kupatsidwapo malikisi. Pa mafunso a ma ango a m'bwalo, yang'anani ngati wolembayo waika zifukwa pambali pa sitepe iliyonse, ndipo ngati inu simunaike, lembani kuti pamenepo mwataya.

Podzipatsa malikisi musadzikomere mtima. Mayankho ambiri oyenda pafoni sasonyeza mmene malikisi amagawidwira, ndiye chitani motere: funso limene njira ndi yankho zili bwino, tengani onse. Limene njira ili bwino koma yankho lalakwika, tengani theka kapena kucheperapo. Limene mwalemba yankho lokha, ngakhale lolondola, musadzipatse oposa amodzi. Nambala imene mupeze ndi yongokuthandizani kuyerekeza pepala la lero ndi la sabata yamawa. Musaitenge ngati giredi yanu ya MSCE.

Mayankho nawonso amalakwika

Zithunzi za mayankho zimene zimayenda m'magulu zinalembedwa ndi munthu, nthawi zina usiku atatopa, ndipo palibe amene anazichonga. Ndaonapo ana akufufuta ntchito yawo yolondola kuti ifanane ndi chithunzi cholakwika. Zimandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa mwanayo amachoka ataphunzira cholakwa n'kutayanso chikhulupiriro mwa iye mwini.

Nachi chitsanzo. Funso likunena za mndandanda wa manambala okwera mofanana. Nambala yachitatu ndi 11, yachisanu ndi chitatu ndi 31, ndipo akufuna kuti muphatikize manambala 20 oyambirira. Inu mwalemba:

```
a + 2d = 11
a + 7d = 31
d = 4, a = 3
S = 10(6 + 76) = 820
```

Chithunzi cha mayankho chikuti:

```
a + 3d = 11
a + 8d = 31
d = 4, a = −1
S = 10(−2 + 76) = 740
```

Mwapatukana pamzere woyamba penipeni. Wolondola ndani? Musaweruze potengera kuti zolemba zake ndi zaukhondo kapena kuti anthu amati ndi za aphunzitsi. Bwererani ku funso mukayese zonse ziwiri. Mukayamba ndi 3 n'kumaonjeza 4, mupeza 3, 7, 11, ndipo nambala yachitatu ndi 11 monga funso lanenera. Mukayamba ndi −1 mupeza −1, 3, 7, ndipo yachitatu ndi 7. Wolemba mayankho anaiwala kuti kuchoka pa nambala yoyamba kufika pa yachitatu pali masitepe awiri, osati atatu. Yankho ndi 820. Onani kuti d anatuluka 4 mbali zonse, n'chifukwa chake cholakwachi n'chosavuta kuchiphonya.

Funso ndiye woweruza. Pamene simungathe kuyesa nokha, monga pa maumboni a ma ango, tengani kope lanu ndi chithunzicho mupite nazo kwa aphunzitsi, muwalozere mzere weniweniwo. Mukanena kuti, "Aphunzitsi, apa ine ndalemba 2d koma iwo alemba 3d," adzakuthandizani pa mphindi imodzi ali panjira yopita ku sitafu. Mukanena kuti mutu wonse simukuumva, adzakuuzani kuti mubwere tsiku lina. Mukatsimikiza kuti chithunzi n'cholakwika, dziwitsani anzanu a m'gulu.

Chachisanu, funso limene simunaliyambe n'komwe

Apa palibe mzere wanu woyerekeza, ndiye njira ndi ina pang'ono. Tsegulani mzere woyamba wokha wa mayankho. Dzifunseni kuti ndi mawu ati m'funso amene anamuuza wolembayo kuyamba chonchi. Mwina funso linatchula mzere wokhudza bwalo, iye n'kuyamba ndi ango ya madigiri 90 pakati pa mzerewo ndi rediyasi. Kulumikiza mawu a funso ndi sitepe yoyamba ndicho chimene chinakusowani, ndipo n'chimene muyenera kulemba kumanja kuja. Mukatero phimbani, muyese kupitiriza. Mukaimanso tsegulani mzere wina umodzi.

Ngati mwatsegula mizere itatu koma simukuonabe chimene chikuchitika, lekani. Pepala lakale silingakuphunzitseni mutu umene simunaumve. Bwererani ku buku ndi ku manotsi, muchite zitsanzo zosavuta za mutuwo, funsoli mudzalipeze pambuyo. Pa chifukwa chomwechi, wa Fomu 3 asalimbane ndi pepala lathunthu. Asankhe mafunso a mitu imene waphunzira kale.

Chachisanu ndi chimodzi, kope la zolakwa ndi kubwereza

Kumapeto kwa kope lanu sungani masamba angapo. Pa funso lililonse limene mwataya malikisi, lembani chaka cha pepala, nambala ya funso, ndi chiganizo chimodzi chonena chimene chinachitika. Pewani mawu oti "kusasamala", chifukwa sakuuzani choti musinthe. Lembani chenicheni: "ndinadula sikweya ruti msanga", "sindinaone kuti akufuna yankho mu masentimita", "sindinadziwe lamulo la ma ango a m'bwalo", "nthawi inatha". Mukalemba mapepala atatu kapena anayi, werengani masambawa. Mudzapeza kuti ziganizo ziwiri kapena zitatu zikubwerezedwa. Zimenezo ndiye zoti mugwirirepo ntchito sabata imeneyo, musanatsegule pepala lina.

Kuchonga kumafuna nthawi yofanana ndi yolemba, nthawi zina kuposa. Ngati mwalemba maola awiri Loweruka m'mawa, chongani masana ake kapena Lamulungu mukachoka kutchalitchi, mutu usanaiwale chifukwa chimene munalembera mzere uliwonse. Pepala limodzi pasabata lochongedwa motere ndi lokwanira. Ana ena amanyadira kuti ali ndi mapepala a zaka khumi mufoni, koma mukawapempha kope loti muone mmene analembera, mulibe kanthu.

Pakapita masiku atatu, tengani tsamba loyera mulembenso mafunso okhawo amene munalakwa, mayankho ndi zokonza zanu zili zotseka. Tsiku lomwe mwachongalo musabwereze, chifukwa maso amakhala akukumbukirabe maonekedwe a tsamba la mayankho, ndipo mudzaganiza kuti mwadziwa pamene mukungokopera za m'maso. Funso limene mwakhoza pa tsiku lachitatu, liyeseninso pakatha sabata, koma musinthe manambala. Pa kwadiratiki ija, mwachitsanzo, yesani iyi:

```
2x² − 6x − 3 = 0
```

Mkati mwa sikweya ruti muyenera kupeza 36 kuphatikiza 24, amene ndi 60, ndipo mayankho ndi 3.44 ndi −0.436. Mukapeza 12 wa mainasi mkatimo, mabulaketi aja mwawaiwalanso, ndipo funsolo likhalebe m'kope la zolakwa mpaka sabata inayo. Mukakhoza, lidule ndi mzere umodzi, mupemphe mchemwali wanu akusungireni mayankho a pepala lotsatira.